Foni Ikangoti Zii: Kubedwa kwa Nambala pa Malire a Milange

 

Ndabwera ndi nkhani imodzi yokha, ya wakuba amene amakulandani nambala ya foni, foniyo ili m'thumba mwanu. Akuba oterewa alipo ku Maputo, ku Blantyre, ku Joni ndi kutali konse. Koma ife a kuno ku Milange tili ndi vuto lathulathu limene anzathu a m'mizinda alibe. Chizindikiro chachikulu cha umbavawu ndi kusowa kwa netiweki, ndipo kuno netiweki kusowa ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku. Ukazungulira kuseri kwa phiri la Tumbine imathawa. Ukayandikira mtsinje wa m'malire, foni imadumphira ku nsanja za ku Malawi, kenako n'kubwerera. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja zina zimagona. Tinazolowera kunena kuti "ibwera yokha", ndipo mawu amenewa ndi amene amapatsa wakuba maola amene akuwafuna.

Tiyambe ndi chimene chimabedwacho. Ambiri timaganiza kuti nambala yathu, ija yoyamba ndi 84 kapena 86 kapena 82, imakhala mkati mwa simukhadi. Sizili choncho kwenikweni. M'kakhadimo muli nambala ina yaitali yozindikiritsa khadiyo, pamodzi ndi chinsinsi chimene khadiyo imadzitsimikizira nacho ku netiweki. Nambala imene anthu amakuimbirani imasungidwa m'kaundula wa kampani ya foni, ndipo m'kaundulamo munalembedwa kuti nambala yakuti ikuyenda ndi khadi yakuti. Mukataya foni n'kupita ku shopu kukatenga imene kuno timaitchula kuti segunda viya, wantchito uja amatenga khadi yatsopano yopanda kanthu n'kusintha mzere umenewo m'kaundula. Kuyambira mphindi imeneyo khadi yakale yafa, ndipo mafoni ndi mameseji onse akupita ku yatsopano. Zili ngati mwininyumba wasintha loko n'kupereka kiyi kwa munthu wina: kiyi wanu mukadali naye m'manja, koma sakutsegulanso chitseko.

Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo tonse tinathandizidwa nayo tsiku lina. Wakuba amadutsa pa khomo lomwelo. Amapita ku shopu, kapena amatuma munthu, n'kunena kuti ndi inu. Nthawi zina amanyamula chitupa chabodza chokhala ndi dzina lanu koma chithunzi chake. Nthawi zina amabwera ndi kalata yonama yoti mwamutuma. Ndipo nthawi zina, tisabisane, amakhala atagwirizana ndi munthu wa mkati amene walandira kangachepe. A mabanki ndi a makampani a foni amautchula umbavawu kuti simu swapu, ndipo ndi bwino mulidziwe dzinali chifukwa mukalitchula poimba foni, wokuyankhaniyo amamva msanga kuti nkhani ndi yachangu.

Nanga nambala yokha ingatulutse bwanji ndalama? Taganizirani zinthu zimene mwazimangirira pa nambala yanu. M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel ndi mKesh ya Tmcel zimakhala pa nambalayo. Amene mumagulitsa ku Limbuli muli ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba pa khadi yachiwiri. Banki nayonso, mukafuna kutumiza ndalama pa foni kapena mukaiwala chinsinsi chanu, imatumiza kodi ya manambala ochepa pa meseji, pokhulupirira kuti amene walandira mesejiyo ndi mwini akaunti. Meseji yokuuzani kuti ndalama zatuluka imapitanso komweko. Choncho wakuba amapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: amalandira makodi otsegulira, ndipo inu mumasiya kumva chilichonse chochitika mu akaunti yanu.

Pali chinthu chimodzi chimene khadi yatsopano simupatsa wakuba, ndicho pini ya chikwama chanu cha m'foni. Ameneyu amayenera kumupeza mwa njira ina, ndipo n'chifukwa chake umbavawu suyamba tsiku limene foni yati zii. Umayamba masiku kapena masabata m'mbuyo, ndi kutolera. Amatolera dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nambala ya BI, banki imene mumasungako, manambala amene mumaimbira kawirikawiri, ndalama zimene munathira m'foni komaliza. Zimenezi ndi zomwe kampani imafunsa pofuna kutsimikiza kuti wopempha khadi ndi mwini wake. Pini amamuonera pa phewa panu mukutapa ndalama pa ambulera ya ejenti pa msika, kapena amamulota chifukwa ndi chaka chanu chobadwa chimene chili pa BI pomwepo, kapena mumamupereka nokha kwa munthu woimba mwaulemu amene akuti ndi wa ku kampani. Akalephera zonsezi, amayesa kuimbira kampani ngati inu n'kupempha pini watsopano, pogwiritsa ntchito mayankho anatolera aja.

Dziko lathu lino linalimbana nalo vutoli poyera, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuidziwa. M'chaka cha 2019, akatswiri awiri a chitetezo cha makompyuta, André Tenreiro ndi Fabio Assolini wa kampani ya Kaspersky, anafalitsa kafukufuku wa umbavawu ku Mozambiki ndi ku Brazil. Anafotokoza kuti banki yaikulu kwambiri m'dziko muno inkakumana ndi milandu yotere pafupifupi 17 mwezi uliwonse, ndiponso kuti munthu wina wa bizinesi anaberedwa ndalama zokwana madola 50,000 a ku Amereka. Anasonyezanso kuti nthawi zambiri magulu a akubawa ankathandizidwa ndi anthu a mkati, ena owauza akaunti imene muli ndalama, ena owasinthira khadi.

Mankhwala amene anapezeka anali osavuta kumva. Makampani a foni anatsegula njira yoti banki, isanalole ndalama kutuluka, izifunsa kaye funso limodzi: kodi nambala iyi yasinthidwa khadi m'masiku awiri kapena atatu apitawa? Yankho likakhala inde, banki imakana kutumiza ndalamazo pa foni. Pofika m'chaka cha 2018 banki yaikulu ija inali ikufunsa motero ku makampani onse akuluakulu a foni, ndipo milandu ya mtunduwu inatsika mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Nyuzipepala za kunja zinalemba za Mozambiki ngati dziko limene latsogola pa nkhaniyi, patsogolo pa Amereka. Ndiye tsiku lina mukatenga segunda viya yanuyanu, banki n'kukukanizani kutumiza ndalama kwa masiku angapo, musakwiye nawo. Kudikira kumeneko ndi kumene kunapulumutsa ndalama za anthu ambiri.

Koma onani bwino chimene mpanda umenewu umachita. Suthamangitsa wakuba, umangomuchedwetsa. Umakupatsani masiku awiri kapena atatu oti muzindikire kuti nambala yapita, n'kuchitapo kanthu. Munthu wa ku Maputo foni yake ikakhala chete ola limodzi amadabwa. Munthu wa ku Milange amene ali kumudzi kogula nandolo akhoza kutha masiku atatu akuti ndi phiri, ndipo masiku akatha mpanda uja watseguka. Komanso unamangidwa poteteza ndalama zotuluka ku banki. Suteteza WhatsApp yanu, suteteza pini amene munamupereka kale, ndipo musaganize kuti zimene banki ya kuno inakonza ndi makampani a kuno zikugwiranso pa khadi yanu ya tsidya lija.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tione momwe zimayendera. Ndi chitsanzo chabe, ndipo ziwerengero zake ndaziika kuti zitithandize kuganiza. Pali mayi wogula nandolo m'midzi, amene nyengo ya malonda ikafika, cha mu Sepitembala, amakhala ndi metikashi 40,000 m'chikwama cha m'foni zolipirira alimi, ndi 180,000 ku banki zimene wogula wamkulu wamutumizira. Lolemba akulandira foni. Woimbayo akumutchula dzina lonse, akuti ndi wa ku kampani, akukonza kaundula wa manambala ndipo amene sayankha atsekeredwa. Akufunsa tsiku lobadwa, nambala ya BI, ndi ndalama zimene anathira m'foni komaliza. Za pini sakufunsa n'komwe, choncho mayi uja mtima uli m'malo. Lachitatu ali pa msika akutapa ndalama, mnyamata wina waima pambali ngati akudikira nthawi yake, maso ali pa zala za mayiyo.

Lachisanu madzulo, mashopu ndi mabanki atatsala pang'ono kutseka, foni ikuyamba kulira mosalekeza, manambala achilendo, ukayankha palibe wolankhula. Mayi watopa nazo, wazimitsa foni. Akuba amachita dala zimenezi, kuti munthu asaone meseji yochenjeza ngati kampani yatumiza, ndiponso asaone mphindi imene netiweki yachoka. Usiku akuyatsa, pa foni palembedwa "Sem serviço". Akuti ndi mvula ya ku phiri, n'kugona.

Usiku womwewo 40,000 ija ikutuluka m'zigawo, 15,000 ku nambala iyi, 15,000 ku ina, 10,000 ku yachitatu, ndipo m'mawa wa Loweruka anthu otumidwa akuzitapa kwa maejenti osiyanasiyana m'tauni ina yakutali. Ngati chikwamacho chimalola ngongole, akutenganso ngongole m'dzina la mayiyo. Akulowetsa WhatsApp yake pa foni yawo, popeza kodi yake imabweranso pa meseji, n'kulembera mchimwene wake amene ali ku Joni kuti mwana wagonekedwa m'chipatala, tumizani msanga. Ku banki ayesa, akanizidwa chifukwa khadi ndi yatsopano. Sakutaya mtima, akudikira. Mayi uja Loweruka ali kumudzi, akugwiritsa ntchito khadi yake ya ku Malawi imene ikugwira bwinobwino, ndipo sakuona chachilendo. Lamulungu ali ku tchalitchi. Lolemba masana ndi pamene akufika ku shopu kukadandaula za netiweki, n'kumva kuti nambala yake inatengedwa kale Lachisanu. Ngati masiku odikira aja atha iye asanafike, 180,000 nayonso ili pa ngozi.

Pa nkhani yonseyi, malo amene ndikufuna tiimepo ndi Lachisanu usiku, pamene mayi anaona mawu aja pa foni. Panali njira yodziwira zoona m'mphindi zisanu, ali pakhomo pake pomwepo.

Choyamba ndi kuzimitsa foni n'kuyatsanso. Zikapanda kusintha, yang'anani foni ya munthu wina amene ali pafupi nanu ndipo ali pa kampani yomweyo. Ichi ndicho chofunika kwambiri kwa ife a m'malire. Nsanja ikagona, imagonera onse. Ngati mnansi wanu wa Movitel ali ndi netiweki yodzaza, inu wa Movitel mulibe ngakhale kamzere kamodzi, mutaima malo amodzi, vuto si phiri. Kenako chotsani khadi yanu muiike m'foni ya mnzanuyo, yake muiike mwanu. Yake ikagwira m'foni yanu, yanu n'kukana m'foni yake, ndiye kuti foni ilibe mlandu, yafa ndi khadi. Mawu amene amaoneka pa foni amasiyana malinga ndi mtundu wake: "No service", "Emergency calls only", "Not registered on network", "SIM not provisioned", kapena ofanana nawo m'Chipwitikizi. Mawu awiri omalizawa ndi oopsa kwambiri, chifukwa kawirikawiri amatanthauza kuti foni ikuiona nsanja koma nsanjayo ikuikana khadi yanu.

Pomaliza, imbirani nambala yanu pa foni ya wina. Ikamalira kumene mukuimbirako, foni yanu ili chete m'dzanja lanu, musafunsenso munthu: nambala ili kwa wina. Koma ikanena kuti foni ndi yozimitsa, musapume, chifukwa wakuba amayatsa khadiyo pa nthawi yolandira makodi yokha. Ndipo amene muli ndi foni ya makhadi awiri samalani kwambiri. WhatsApp imapitiriza kugwira ntchito ndi intaneti ya khadi inayo, mameseji akubwera ndithu, inu n'kumaona ngati zonse zili bwino. Yang'anani timizere ta khadi iliyonse payokha. Ndipo WhatsApp ikakutulutsani yokha n'kunena kuti nambala yanu yalembetsedwa pa foni ina, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira.

N'zoona kuti khadi imatha kufa yokha ndi ukalamba kapena chinyezi, ndipo kampani imatha kuitseka pa zifukwa za kalembera. Koma zimenezo mukazimve kwa kampani, osaziganizira nokha muli gone. Mukalakwitsa pothamanga, mwataya mayunitsi a foni imodzi ndi tulo pang'ono. Mukalakwitsa podikira, mwataya mpamba wa nyengo yonse.

Tsopano mwatsimikiza, kapena mukukayikira kwambiri. Muchite chiyani usiku umenewo? Musadikire kuti kuche, ndipo musayambe ndi kupita kwa apolisi. Apolisi ndi ofunika, tifikako, koma sangatseke akaunti yanu usiku. Bwerekani foni. Ngati muli awiri pakhomo, bwerekani mafoni awiri, wina aziimbira banki, wina kampani ya foni, mwini nambala ali pakati kuyankha mafunso. Ngati muli nokha, maganizo anga ndi akuti muyambe kumene kuli ndalama zambiri. Ena amati yambani ndi kampani ya foni chifukwa nambala ikatsekedwa makodi asiya kufika kwa wakuba. Mfundoyo ndi yomveka, koma ngati wakuba walowetsa kale akaunti yanu pa foni yake, kutseka nambala kokha mwina sikungamuimitse. Banki yokha ndi imene ingatseke chitseko chimenecho.

Poimbira banki, gwiritsani ntchito nambala yolembedwa kuseri kwa khadi yanu ya banki, osati imene wina wakutumizirani pa meseji. Nenani mawu omveka: nambala yanga ya foni yabedwa, tsekani njira zonse zotulutsira ndalama pa foni ndi pa intaneti. Ambiri amangonena kuti tsekani khadi, wa ku banki n'kutsekadi khadi ya pa makina otapira ndalama, njira ya pa foni n'kutsala yotsegula, pamene wakuba akudutsira kumeneko. Funsani ngati pali ndalama zimene zatuluka kuyambira ola limene netiweki inachoka, ndipo ngati zilipo apempheni alankhule ndi kumene zapitako kuti zigwidwe. Kwa kampani ya foni pemphani zinthu ziwiri, ndipo muzitchule padera: kuimitsa nambala, ndi kuimitsa chikwama cha ndalama. Kulikonse kumene mwaimba, lembani ola, dzina la amene wakuyankhani, ndi nambala ya dandaulo lanu. Mapepala amenewa ndi amene adzasonyeze tsiku lina kuti munachenjeza nthawi yakuti, ndipo ndalama zotuluka pambuyo pa ola limenelo zili ndi wozifunsa.

Mukatero, uzani abale ndi amene mumachita nawo geni. Gwiritsani ntchito foni ya wina, uzani mmodzi wa m'gulu la mpingo, wa banki m'khonde, wa ku Joni: nambala yanga ili ndi akuba, aliyense asatumize ndalama. Manyazi asakugwireni pakamwa. Amene amabisa kuti asasekedwe amadzapeza kuti abale atatu atumiza kale.

Kukacha, pitani nokha ku shopu yeniyeni ya kampani, ndi BI yanu, khadi yakufayo, ndi kapulasitiki kaja kamene khadi inabwera nako ngati munakasunga. Mukabwezeredwa nambala, musachoke musanapemphe kuti akulembereni tsiku, ola ndi malo kumene khadi ya wakuba inaperekedwa, komanso mndandanda wa ndalama zonse zimene zinatuluka ndi manambala amene zinapitako. Funsaninso ngati pali ngongole yotengedwa m'dzina lanu, ndipo muikane molemba tsiku lomwelo. Ndi mapepala amenewa pitani ku polisi ya PRM mukatsegule mlandu, umene ofufuza a SERNIC angautsatire, ndipo mutenge chikalata chosonyeza kuti mwadandaula, chifukwa banki idzachifuna. Kampani ya foni ikapanda kukuthandizani, wamkulu wake ndi INCM. Nkhani za banki ndi zikwama za ndalama zimakafika ku Banco de Moçambique. Pini aliyense musinthe nambala itabwerera m'manja mwanu, ndipo wakale musamubwerezenso.

Apa malire amatipatsa ntchito ina. Khadi ya ku Malawi ndi ya malamulo a ku Malawi. Shopu ya kuno singatseke nambala ya Airtel kapena TNM, ndipo dandaulo lake limapita ku polisi ya tsidya lija, ku MACRA, ndi ku Reserve Bank of Malawi pa nkhani ya ndalama. Vuto lina ndi lakuti timanambala tatifupi toimbira kampani kawirikawiri timagwira pa netiweki ya kampani yomweyo basi. Usiku umene khadi yanu ya Vodacom yafa, n'kutsala ndi ya TNM yokha, kanambala kaja sikakufikitsani kumene mukufuna. Choncho lero lomwe funsani ku banki yanu ndi ku kampani iliyonse nambala yathunthu yoimbira muli pa netiweki ina, yoyamba ndi +258 kapena +265, muilembe m'kope la malonda. Musaisunge m'foni mokha.

Ndipo pali chizolowezi chathu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse. Ambiri kuno tikuyendera makhadi olembetsedwa m'maina a anthu ena. Wina anagula khadi yolembetsa kale kwa mnyamata wa pa msewu. Wina analibe chitupa cha ku Malawi, msuweni wake wa ku Mulanje n'kumulembetsera. Wina akugwiritsabe nambala ya malemu bambo ake. Ndikumvetsa chifukwa chake, popeza mabanja athu ali mbali zonse ziwiri za mtsinje ndipo zitupa sizipezeka mophweka. Koma dziwani kuti pamaso pa kampani, mwini nambala ndi amene dzina lake lili m'kaundula. Munthu ameneyo akhoza kupita ku shopu ndi chitupa chake chenicheni, n'kutenga khadi yatsopano popanda kunama ngakhale liwu limodzi lokhudza dzina lake. Ndipo tsiku la tsoka, inu mukaimba kuti tsekani nambala yanga, adzakufunsani dzina ndi tsiku lobadwa la munthu amene mwina simunamuonepo. Ngati khadi yotere simungathe kuisinthira m'dzina lanu, musamangirirepo banki, ndipo ndalama zisagonepo usiku.

Mudzandifunsa ngati ndalama zobedwa zimabwerera. Sindikunamizani. Zimene zatapidwa kale kwa ejenti n'zovuta kuzipeza, chifukwa zimadutsa m'manambala angapo, ambiri olembetsedwa ndi zitupa za anthu osadziwa kanthu. Zimene zikadali m'chikwama cha wolandira pamene dandaulo lafika zikhoza kugwidwa, ndipo apa ndi pamene ola limodzi limasiyanitsa zinthu. Ngati kafukufuku asonyeza kuti khadi inaperekedwa popanda kutsata ndondomeko, muli ndi poyambira kufuna chipukuta misozi, ndipo n'chifukwa chake ndalimbikira za mapepala. Chenjeraninso ndi woimba wachiwiri. Patapita masiku ochepa wina adzaimba kuti ndi wa ku banki kapena wapolisi, wapeza ndalama zanu, mungotumiza kangachepe kapena mumuwerengere kodi imene yafika pa foni. Kawirikawiri amakhala a gulu lomwelo, chifukwa ndiwo akudziwa kuti mwaberedwa.

Za kudziteteza zisanachitike ndinena mwachidule, popeza zambiri mwazimva kale m'nkhani ya mayi uja. Pini wotsekera simukhadi ndi wabwino foni ikabedwa, koma pa umbava uwu sathandiza, chifukwa wakuba ali ndi khadi yakeyake. Chothandiza ndi pini wa chikwama amene sachokera pa BI yanu, wosiyana ndi wa ku banki, ndipo mumamulemba mutaphimba ndi dzanja. Pa WhatsApp tsegulani "Two-step verification", muikepo manambala 6 anuanu, kuti kodi ya pa meseji yokha isakwanire kulowa. Mukapereka fotokope ya BI kwinakwake, lembani pamwamba pake tsiku ndi ntchito imene mwaiperekera, kuti isakagwire ntchito ina. Amene mungathe, nambala ya ku banki ikhale yosiyana ndi imene munalemba pa chikwangwani cha golosale, koma ikhale m'foni yoyaka imene mumaiona tsiku lililonse, chifukwa khadi yosungidwa m'sutikesi ikafa palibe amadziwa. Ndipo woimba aliyense wofunsa za inu, ngakhale asatchule pini, muuzeni kuti mupita nokha ku shopu, n'kudula.

Mawu anga omaliza apite kwa inu maejenti ndi amene mumalembetsa makhadi. Inu ndi amene mumaona zimene ife sitiona. Munthu akabwera kudzatapa ndalama zambiri m'mawa kwambiri, ali ndi makhadi angapo, dzina lotuluka pa foni losiyana ndi la pa chitupa, muli ndi ufulu wokana ndi kudziwitsa kampani. Wina akabwera kudzatengera khadi "amayi ake odwala" atanyamula fotokope yokha, imbirani nambalayo ali pomwepo. Ikalira n'kuyankhidwa ndi mwini wake, ndiye kuti khadi sinatayike. Komishoni ya khadi imodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlandu umene udzakutsatani, chifukwa kaundula amasunga kodi ya amene anasintha khadiyo, ndipo ofufuza amayambira pamenepo. Konzaninso malo anu kuti kasitomala polemba pini akhale ndi mpata, anthu odikira aime chapatali.

Tisanabalalike, aliyense atulutse kope lake alembe nambala ya kuseri kwa khadi yake ya banki. Amene simukudziwa dzina limene khadi yanu ya foni inalembetsedwa, mudutsire ku shopu ya kampani yanu lero ndi BI m'manja mukafunse.